Wamanyazi azipikulitsa mtedza m'maokala

Munthu wamanyazi safunika kuchita kukhala pabenchi tsiku lonse n'kumaitanira makasitomala. Akhoza kumakazinga mtedza kunyumba n'kumapikulitsa kwa eni maokala atatu kapena anayi, omwe angamakumane nawo kawiri pa sabata basi.

Phindu pa paketi limachepa ndithu. Mwachitsanzo, ngati paketi imagulidwa K200 ndipo waokala akuitenga pa K160, ndiye kuti pa mapaketi 100 wokazinga wasiya K4,000. Choncho awerengeretu ndalama ya mtedza, mchere, makala ndi timapepala asanavomere mtengo.

Mtedza wachuku autaye posankha. Wokazingawo uzizire kaye asanaumange, chifukwa wotentha umachita thukuta m'pepala n'kufewa, ndipo waokala amaubweza. Akasiya katundu pangongole, alembe chiwerengero cha mapaketi m'kope, waokala asayine.