Popempha nthawi pa ngongole, tchulani ndalama ndi tsiku

Mu Januwale ndi Febuluwale malonda amazizira ku Ntaja, m'boma la Machinga. Ndalama za anthu zimathera ku chimanga, ndipo mpunga wa ku Chilwa umakhala usanache. Apa eni maokala amavutika kubweza ngongole kwa opikulitsa katundu a ku Liwonde ndi ku Balaka.

Mwachitsanzo, mayi wa okala anatenga shuga ndi sopo wa K300,000, woti alipire pa 28 Febuluwale. Poyamba analemba kuti: “Bwana, mundimvere chisoni, ndidzabweza zinthu zikayenda.” Kalatayi ilibe ndalama kapena tsiku. Wopikulitsa angaganize kuti mayiyu akuzemba, n'kusiya kumupatsa katundu.

Ataikonza inamveka motere:

“Bambo, ndikuvomera kuti ndili ndi ngongole yanu ya K300,000. Sindikwanitsa kumaliza pa 28 Febuluwale chifukwa malonda atsika. Lero ndatumiza K100,000 pa Airtel Money. Ndikupempha kuti K100,000 ina ndidzapereke pa 15 Malichi, yotsalayo pa 15 Epulo. Katundu wina ndizigula ndi ndalama pamanja mpaka nditamaliza. Ngati masikuwa sakukukomerani, ndiuzeni tikambirane.”

Mayiyu sanadzichepse ngati wopemphetsa, koma sanabisenso vuto. Ndalama yomwe watsogoza ndiyo ikumuikira umboni.

Kalata yotere ifike tsiku lolipira lisanakwane. Wolembayo ayambe waona m'kope la malonda zomwe okala imabweretsa pa sabata, chifukwa akaphonyanso tsiku lomwe watchula yekha, kalata yachiwiri sadzaikhulupirira.