"Chiganizocho Chili Bwino": Zimene Imelo Yaifupi ya Bwana Imatsimikizira

M'maofesi ambiri muli kalata ina imene simatenga ndi mphindi ziwiri kuilemba. Wantchito wachinyamata akukonza pulopozo, chikalata chouza kasitomala zimene kampani idzamuchitire, pamtengo wanji ndiponso liti. Wafika pachiganizo china chimene chikumukayikitsa, ndiye wafunsa bwana wake. Bwanayo wayankha pa imelo ya mizere inayi kuti chiganizocho n'cholondola. Wachinyamatayo amadalira yankho limeneli potumiza chikalatacho, choncho m'pofunika kudziwa zimene imelo yotereyi imatsimikizira ndi pamene imalekezera.

Tiyerekeze kuti kampani yogulitsa zipangizo zaulimi ikulembera kopaletivu ya alimi a chimanga. Popeza komiti ikawerengera mamembala ake pamsonkhano, pulopozoyo yalembedwa m'Chichewa. Pandime yonena za kaperekedwe ka katundu pali chiganizo ichi: "Feteleza ndi mbewu zidzafika kunkhokwe yanu pasanafike pa 15 Novembala." Wachinyamata uja akulemba kuti: "Bwana, pepani ndakusokonezani. Kodi apa tinene kuti 'zidzafika' kapena 'adzafika'? Pajatu timati feteleza wafika."

Funso lakelo lili ndi maziko. M'Chichewa dzina lililonse lili m'gulu lake, ndipo gululo ndilo limasankha mgwirizanitsi amene amaphatikizidwa kumneni. Feteleza, ngakhale si munthu, amayenda ndi agwirizanitsi a gulu la anthu. N'chifukwa chake timati feteleza wakwera mtengo, feteleza adzafika mawa, monga momwe timanenera za fodya kapena katundu. Koma mbewu zili m'gulu la nyumba ndi mbuzi, ndipo timati mbewu zamera. Mayina awiriwa akalumikizidwa ndi "ndi" n'kukhala mutu wa chiganizo chimodzi, mneni sangatsate onse awiri. Chimene olankhula Chichewa amachita ndi ichi: ngati zinthu zolumikizidwazo si anthu, mneni amatenga zi-, monga tikamati mpando ndi tebulo zathyoka. Ngati ndi anthu, mneni amatenga a-, monga mlimi ndi mwana wake adzabwera. Akatswiri a zilankhulo Greville Corbett ndi Al Mtenje anafotokoza kagwirizanidwe kameneka ka Chichewa m'zolemba zawo za mu 1987. Choncho "zidzafika" ndi wolondola, ndipo "adzafika" angachititse wowerenga kuganiza kuti kukubwera anthu.

Bwana wodziwa ntchito yake angayankhe motere:

"Achimwene, zikomo pofunsa. Chiganizo chakuti 'Feteleza ndi mbewu zidzafika kunkhokwe yanu pasanafike pa 15 Novembala' chili bwino, musachisinthe. Zinthu ziwiri zimene si anthu zikalumikizidwa, mneni amatenga zi-. Ndaona galamala yokha. Za tsikulo mutsimikize ndi a zamtengatenga musanatumize."

Chinthu choyamba chimene bwanayu wachita bwino ndi kulemba chiganizo chonsecho mu imelo yake. Pulopozo imasinthidwa kangapo isanatumizidwe, ndipo nthawi zambiri imadutsa m'manja mwa anthu angapo. Tinene kuti madzulo a tsiku lomwelo wina wakumbukira kuti kampani inalonjezanso kutumiza alangizi, ndiye wangowonjezera dzina limodzi: "Feteleza, mbewu ndi alangizi zidzafika." Apa chiganizo chawonongeka. Alangizi ndi anthu, ndipo kuwaika pansi pa zi- n'kuwasandutsa katundu; kunena kuti "adzafika" nakonso sikukhalira bwino mbewu. Njira yake n'kupatula anthu ndi zinthu: "Feteleza ndi mbewu zidzafika pasanafike pa 15 Novembala, ndipo alangizi athu adzabwera sabata yotsatira." Bwana akanangolemba kuti "chili bwino", wachinyamata uja akanatha kuganiza kuti chilolezocho chikugwirabe ntchito pachiganizo chimene bwanayo sanachione n'komwe. Mawu ogwidwa mu imelo ndiwo amasonyeza chimene chinavomerezedwa.

Chachiwiri, wapereka chifukwa m'chiganizo chimodzi chokha. Akanapanda kutero, funso lomwelo likanabweranso sabata yamawa pa simenti ndi malata, kapena pa shuga ndi mafuta. Akanalembanso tsamba lonse la magulu a mayina, wofunsayo, amene akuthamangira kutumiza chikalata ofesi isanatsekedwe, akanasowa pamene pali yankho. Lamulo limodzi lalifupi limakwanira kuti mawa adziyankhe yekha.

Chachitatu ndicho chachikulu: bwanayu wanena pamene wafika. Chiganizo chikhoza kutsata malamulo onse a chilankhulo koma n'kulonjeza chinthu chimene kampani siinafune kulonjeza. Taonani mawu akuti "pasanafike pa 15 Novembala". Galamala yake ilibe vuto, koma tanthauzo lake n'lakuti tsiku lomaliza ndi pa 14. Ngati a zamtengatenga anakonza kuti lole inyamuke m'mawa wa pa 15, kampani idzakhala itachedwa ndi tsiku limodzi malinga ndi zimene inalemba yokha, ndipo m'nyengo imene alimi akuyang'ana kumwamba kudikira mvula yobzalira, tsiku limodzi limabutsa mkangano. Mawu oyenera akanakhala akuti "pofika pa 15 Novembala", kapena kutchuliratu kuti tsiku lomaliza ndi pa 15.

N'chimodzimodzinso ndi manambala. Chiganizo chakuti "Tidzapereka matumba 200 a feteleza ndi mbewu" n'cholondola, koma chimamveka pawiri. Wina amva kuti matumba onse pamodzi ndi 200. Wina amva kuti matumba a feteleza ndi 200, kenako pali mbewu zimene kuchuluka kwake sikunatchulidwe. Thumba la feteleza limalemera makilogalamu 50, pamene mbewu ya chimanga imagulitsidwa m'mapaketi ang'onoang'ono monga a makilogalamu 2 kapena 5, ndiye kusiyana kwa matanthauzo awiriwa n'kwa ndalama zambiri. Njira yodziwira vuto lotere ndi yosavuta: muwerengereni chiganizocho mnzanu amene sakuidziwa nkhaniyo, ndipo mumufunse kuti kampani idzapereka chiyani, chochuluka bwanji, liti. Akayankha zosiyana ndi zimene mumatanthauza, chiganizocho chilembedwenso, ngakhale galamala yake ikhale yoyera.

Nanga bwana amadalira chiyani akamati chiganizo chili bwino? Pa kalembedwe ka mawu pali pogwira. Bungwe loona za Chichewa limene linakhazikitsidwa mu 1972 linatulutsa malamulo a kalembedwe, ndipo linawakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchito yake inapitirizidwa ndi likulu loona za zilankhulo la Yunivesite ya Malawi ku Zomba, limene linatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Mabuku oterewa amathandiza pa kalembedwe ndi matanthauzo a mawu. Koma pa kagwirizanidwe ka mneni ndi mayina angapo, bwana amadaliranso khutu lake, ndipo nthawi zina anthu a madera osiyana amamva mosiyana. Zikatero, yankho labwino silikakamira kuti wolondola ndani, koma limapereka chiganizo china chimene palibe angachitsutse.

Kwa wolandira imeloyo, ntchito yotsala ndi yochepa. Ayerekeze chiganizo chimene chili mu imelo ndi chimene chili m'chikalata chomaliza, liwu ndi liwu. Ngati chasintha, afunsenso. Kenako aimbire a zamtengatenga za tsiku lija, chifukwa kasitomala akadzabwera ndi dandaulo adzaloza pa 15 Novembala, osati pa zi- kapena a-.