Malipiro alowa kapena avuta? Kusiyanitsa affect ndi effect polemba kuntchito

Mwezi ukamatha, ogwira ntchito maso amakhala pafoni. Ndiye taganizani kalaliki wa ku ofesi yowerengera ndalama atatumiza uthenga wachidule pa gulu la WhatsApp la kuntchito, wakuti "October salaries have been affected." Aliyense wodziwa bwino Chingerezi mtima ungamuthawe, chifukwa chiganizochi chikunena kuti malipiro a Okutobala akhudzidwa ndi vuto linalake, kaya achedwa, kaya adulidwa. Wina angayambe kale kuganiza zoti akamuuze chiyani mwini nyumba amene akudikira lendi. Pomwe kalalikiyo amafuna kunena nkhani yabwino, yakuti ndalama zatumizidwa kubanki. Mawu amene amayenera kulemba ndi "effected", osati "affected".

M'Malawi muno malipoti, makalata ndi mauthenga ambiri a kuntchito amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mawu awiriwa amapezeka kawirikawiri. Amasiyana chilembo chimodzi chokha, choyambirira. Ngakhale eni chilankhulocho amawasokoneza, chifukwa akamalankhula mwachangu satchula bwinobwino liwu loyambalo, moti mawu onse awiri amamveka ngati amodzi. Kompyuta nayo siyodalirika pamenepa. Imalemba mzere wofiira kunsi kwa mawu amene sakupezeka mu dikishonale, koma affect ndi effect onse alimo, choncho nthawi zambiri cholakwikacho chimadutsa osaoneka.

Kufanana kwawo kuli ndi chifukwa chake. Onse anachokera ku Chilatini, ku mneni facere, amene amatanthauza kuchita kapena kupanga. Affect anabadwa pamene kutsogolo kwa mneniyo kunaikidwa ad, kutanthauza "ku" kapena "kwa", ndiye ganizo lake ndi la kuchita kanthu kwa chinthu china. Effect ali ndi ex, kutanthauza "kuchokera mu", ndiye ganizo lake ndi la chinthu chotuluka m'zimene zachitika.

Wolankhula Chichewa ali ndi mwayi, chifukwa m'chilankhulo chake maganizo awiriwa ali ndi mawu osafanana n'komwe. Palibe amene angasokoneze "kukhudza" ndi "zotsatira". Nthawi zambiri affect ndi mneni, ndipo amafanana ndi kukhudza, kusokoneza kapena kusintha chinthu chimene chilipo kale. Effect nthawi zambiri ndi dzina, ndipo amafanana ndi zotsatira. Choncho njira yodalirika kuposa kuloweza malamulo ndiyo kunena chiganizocho m'Chichewa chamumtima cholembera chisanagunde pepala.

Mwachitsanzo, woyang'anira chigayo akulemba lipoti la sabata kwa abwana ake. Magetsi anathima masiku atatu, ndipo matumba a ufa amene anagayidwa anachepa. Mumtima akuti, "Kuthima kwa magetsi kunasokoneza ntchito." Apa pali chochita, kusokoneza, ndipo pali chimene chasokonezedwa, ntchito. Ndi mneni ameneyu, ndiye alemba kuti "The blackout affected production." M'ndime yotsatira akufuna kufotokoza kuti zotsatira zake zinali zotani pa malonda. Tsopano akutchula chinthu, osati chochita, ndiye alemba kuti "The effect of the blackout on sales was serious." Nkhani ndi imodzi, koma ntchito ya mawuwo m'chiganizo yasintha.

Pali zizindikiro zothandiza kuona kuti pakufunika dzina. Ngati mawuwo ali pakati pa "the" ndi "of", kapena pakati pa "an" ndi "on", ndiye kuti ndi effect. Mawu oti "no effect" ndi "little effect" nawonso ndi a dzina. Koma mneni affect safuna mperekezi. Amalunjika pa chinthu chokhudzidwacho. Munthu akalemba "affect on production", pali chimene chalakwika, ndipo ayenera kusankha pakati pa "affect production" ndi "an effect on production".

Chizindikiro cha "the" chili ndi malire ake, ndipo chimagwetsa anthu ambiri olemba malipoti a ngozi zogwa mwadzidzidzi. Namondwe wa Freddy atawononga m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, m'maboma ngati Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Nsanje, mawu amene ankamveka tsiku ndi tsiku pa wailesi anali akuti "mabanja okhudzidwa". M'Chingerezi amenewa ndi "the affected households". Ngakhale "the" ali patsogolo, dzina m'mawuwa ndi "households", ndipo "affected" akungofotokoza kuti ndi mabanja ati. Wolemba "the effected households" wanena zopanda mutu, ngati kuti namondweyo ndiye anapanga mabanjawo.

Pamenepa m'pamene pagona vuto la kalaliki uja. Effect amathanso kukhala mneni, ndipo akatero satanthauza kukhudza, koma kuchititsa kuti chinthu chichitike n'kutheka. Anthu ambiri anaphunzira kusukulu kuti affect ndi mneni, effect ndi dzina, basi, osauzidwa za mneni wachiwiriyu. Chonsecho m'maofesi a boma, m'mabanki ndi m'makampani, mneniyu ndi wa tsiku ndi tsiku. "Payment has been effected" ndiye kuti ndalama zaperekedwa. "The transfer was effected" ndiye kuti kusamutsa kuja kwachitikadi. Funso lothandiza ndi lakuti, kodi chinthucho chinalipo kale n'kusokonezedwa, kapena changochitika kumene chifukwa wina wachichita? Choyamba ndi affect, chachiwiri ndi effect. Bwana akalemba kuti "effect the changes", akulamula kuti zosinthazo zichitike. "Affect the changes" angatanthauze kusokoneza zosintha zimene ena akonza.

Cholakwika chimenechi n'choopsa kuposa zina zija chifukwa ziganizo zonse ziwiri n'zolondola m'Chingerezi. Wowerenga saona chilichonse chomuchenjeza kuti wolemba waphonya, amangokhulupirira zimene zalembedwa.

Palinso mawu okhazikika a m'makalata a kuntchito amene nthawi zonse amayamba ndi e. Kalata yokweza munthu pa udindo imati "with effect from" kenako tsiku loyambira. Yoimitsa munthu ntchito imati "with immediate effect". Lamulo latsopano likayamba kugwira ntchito amati "take effect", ndipo zovuta zobwera chifukwa cha mankhwala ndi "side effects". Dzina lakuti affect lilipo ndithu, koma ndi la akatswiri a za maganizo, pofotokoza mmene munthu akuonetsera zimene akumva mumtima. Mu lipoti la kusitolo, kusukulu kapena kumunda silidzafunika.

Kunena zoona, malipoti ambiri angamveke bwino olemba atachepetsa mawu onse awiriwa. Affect ndi mawu obisa nkhani, chifukwa sanena ngati zinthu zakwera kapena zatsika. Abwana a chigayo aja akawerenga kuti magetsi anakhudza ntchito, adzafunsabe kuti anaikhudza motani. Akanakondwa kwambiri kuwerenga kuti "production fell from 300 bags to 180", chifukwa manambalawo ayankha funso lisanafunsidwe. Nayenso kalaliki uja akanalemba kuti "October salaries have been paid", palibe amene akanada nkhawa.

Amene walemba lipoti pa kompyuta, asanalitumize asindikize Ctrl+F n'kulemba ffect m'kabokosi kofufuzira. Malo onse amene pali affect kapena effect aonekera, ndipo pa malo alionse afunse m'Chichewa ngati akunena za kukhudza, za zotsatira, kapena za kuchititsa kuti chinthu chitheke. Pa lipoti la masamba awiri, ntchito imeneyi siitenga mphindi zopitirira ziwiri.