Mphindi Imodzi Pamaso pa Kamera: Zonena Pofunsira Ntchito pa Vidiyo

Olemba ntchito ena masiku ano sakukhutiranso ndi kalata ndi CV zokha. Pansi pa chilengezo amawonjezera kuti wofunsira ntchito ajambule vidiyo yaifupi yodzifotokoza, nthawi zambiri ya mphindi imodzi kapena ziwiri, ndi kuitumiza pa imelo kapena pa WhatsApp. Zimenezi n'zofala makamaka pa ntchito zokumana ndi anthu, monga kugulitsa malonda, kulandira alendo, kuyankha mafoni a makasitomala, kapena kuphunzitsa pa intaneti. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kuganiza za malaya oti avale ndi foni yoti abwereke. Koma chimene chimagwetsa mavidiyo ambiri ndi mawu. Munthu amayatsa kamera asanadziwe chimene akufuna kunena, kapena amangotenga CV yake n'kuyamba kuiwerenga mokweza.

CV ali nayo kale. Amene akuonera vidiyo yanu mwina ali ndi mavidiyo ena ambiri oti awaone tsiku lomwelo, ndipo akufuna kudziwa zimene pepala silingamuuze: mumalankhula bwanji, mumamveka kapena ayi, ndipo kodi mukuidziwadi ntchito imene mukuifunayo? Choncho zonena zanu ziyenera kunyamula chinthu chimodzi chimene munachitapo ndi manja anu, chogwirizana ndi ntchitoyo, n'kuchifotokoza bwino. Chimodzi basi. M'mphindi imodzi simungalowe mbiri ya moyo wonse.

Tiyambe ndi kukula kwa mphindiyo. Munthu wolankhula Chingerezi mosathamanga amanena mawu pakati pa 130 ndi 150 pa mphindi. Mawu a Chichewa ndi otalikirapo, kotero 90 kapena 100 akwana. Amenewa ndi mizere yochepa chabe ya m'kope. Chilankhulo choti mugwiritse ntchito ndi chimene chilengezo chanena, ndipo ngati sichinanene, tsatirani chimene achilembera, chomwe kwathu kuno kawirikawiri chimakhala Chingerezi. Ngati ntchitoyo ndi yoyenda m'midzi ndipo apempha wodziwa Chitumbuka kapena Chiyao, nenani chiganizo chimodzi m'chilankhulocho kuti adzimvere okha.

Tiyerekeze ndi mayi wachitsikana amene wagwira zaka ziwiri m'shopu ya zipangizo za ulimi pa Mponela, ndipo tsopano akufunsira ntchito yoyang'anira katundu m'holoselo ina ku Lilongwe. Akalemba koyamba, zimatuluka chonchi: dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma limene amachokera, kuti ndi wachitatu m'banja la ana asanu, sukulu ya pulayimale imene anaphunzira, ya sekondale, kenako n'kumaliza kuti ndi wolimbikira ntchito, wokhulupirika ndi woopa Mulungu. Zonsezi n'zoona, ndipo ndi mmene tinazolowera kudzidziwitsa pagulu. Vuto n'lakuti theka la mphindi latha asanatchule thumba la feteleza ngakhale limodzi. Ndipo mawu akuti wolimbikira ndi wokhulupirika aliyense amene wafunsira ntchito imeneyi awanenanso, kotero samusiyanitsa ndi wina aliyense.

Asanalembenso, abwerere ku chilengezo n'kufufuza chimene chikuwavuta eni ntchitoyo. Tinene kuti alemba zoti akufuna munthu wotha kuwerengera katundu wambiri molondola. Ndiye adzifunse kuti ndi liti pamene anachitapo zimenezo, zinthu zinali bwanji asanachitepo kanthu, ndipo zinasintha bwanji. Akayankha mafunso amenewa, zonena zake zikhoza kukhala izi:

"Moni. Dzina langa ndine wakutiwakuti, ndipo ndikufunsira ntchito yoyang'anira katundu imene mwalengeza. Kwa zaka ziwiri ndagwira ntchito m'shopu ya zipangizo za ulimi pa Mponela. Ndimalandira feteleza ndi mbewu, kulemba zotuluka, ndi kutseka buku madzulo alionse. Nditangoyamba kumene, buku ndi matumba sizinkagwirizana chifukwa tinkawerengera kamodzi pa mwezi. Ndinapempha eni shopu kuti tiziwerengera Loweruka lililonse, komanso kuti katundu asamatuluke popanda lisiti. Kuchokera pamenepo, thumba likasowa timadziwa sabata yomweyo. Ndili ndi MSCE, ndipo sitoko ndimailemba pa Excel. Mwalemba kuti mukufuna wowerengera katundu wambiri molondola. Nyengo yogula feteleza yandiphunzitsa zimenezo. Ndingakondwe kudzakumana nanu. Zikomo."

Taonani mmene wagawira nthawi. Dzina ndi ntchito imene akufunsira zatenga kamphindi kochepa, koma n'zofunika kukhala poyambirira, chifukwa vidiyo ikhoza kupatsiridwa kwa bwana wina popanda kalata yake, ndipo kampani imodzi ikhoza kulengeza ntchito zingapo nthawi imodzi. Gawo lalikulu lapita ku nkhani ya matumba. Sananene kuti ndi wokhulupirika, koma womvera akafika pa lisiti lija amadzigamulira yekha. Maphunziro alandira chiganizo chimodzi chokha poti satifiketi ili kale m'mapepala. Ndipo chakumapeto wabwereza mawu a eni ntchito, zomwe zikusonyeza kuti vidiyoyi anajambulira iwo, si ija yomwaza kulikonse.

Pali zina zimene wazisiya dala. Sanatchule kuchuluka kwa ndalama zimene shopu imapeza, chifukwa zimenezo ndi za eni ake, ndipo wolemba ntchito wanzeru amaopa munthu woulula za m'nyumba mwa ena. Sananene kuti mnzake wina ankaba, kapena kuti bwana wake ndi wankhanza. Wanena vuto ngati vuto la kawerengedwe, osaloza chala munthu. Za malipiro nazonso adikire nazo mpaka adzamufunse pa intavyu.

Funso limene limasowetsa mtendere achinyamata ambiri ndi lakuti, nanga ine amene sindinalembedwepo ntchito ndinena chiyani? Apa ndimamva chisoni kwambiri, chifukwa ambiri amayamba ndi kupepesa kuti alibe luso lililonse, pamene agwira ntchito zenizeni zimene iwo eni saziwerengera. Amene anakhalapo pa benchi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba amadziwa kuwerengera ndalama madzulo ndi kuthana ndi kasitomala amene watumiza ndalama pa nambala yolakwika. Amene anali mlembi wa banki mkhonde amadziwa kusunga buku limene anthu ambiri akulidalira. Wophunzira zamagetsi kapena zomangamanga pansi pa TEVETA anapitapo kukaphunzira pa malo a ntchito, ndipo kumeneko anakonzapo chinthu. Tchulani ntchitoyo ndi dzina lake lenileni, musaikuze. Mukanena kuti munali manejala pamene munkathandiza azakhali anu pa okala, funso lachiwiri la pa intavyu lidzakugwirani.

Mawu olembedwa ndi mawu olankhulidwa ndi osiyana, ndipo apa m'pamene ntchito yeniyeni ili. Mukamaliza kulemba, werengani mokweza mutatchera wotchi ya pa foni. Pamene mpweya wakutherani pakati pa chiganizo, chiganizocho chatalika, chiduleni pawiri. Liwu limene lilime likupunthwa nalo kawiri, lichotseni muikepo limene mumanena tsiku ndi tsiku. Izi zimachitika kwambiri m'Chingerezi, munthu akatola mawu akuluakulu pa intaneti kuti aoneke wophunzira. Ngati nthawi yapitirira, musathamangitse pakamwa, chotsani chiganizo. Akati mphindi imodzi, malizani isanakwane, chifukwa kusunga malire amenewo ndi mbali ina ya mayeso, ndipo malo ena olandirira mavidiyo pa intaneti amadula okha nthawi ikakwana.

Kuloweza liwu ndi liwu kuli ndi msampha wake. Munthu woloweza amamveka ngati mwana wolakatula vesi la pamtima, ndipo akaiwala liwu limodzi amaima duu, maso kudenga. Wowerenga naye amadziwika msanga, maso amayenda uku ndi uku kutsata mizere ndipo mawu amamveka osakwera osatsika. Njira yabwino ndi kuloweza chiganizo choyamba ndi chomaliza zokha, poti ndi pamene mantha amagwira kwambiri, ndipo zapakatizo muzigwire ndi mawu ochepa okukumbutsani. Mayi wa pa Mponela uja angalembe pakapepala kuti shopu, matumba, Loweruka, Excel, n'kukamata pafupi penipeni ndi diso la kamera.

Diso limenelo ndi limene muyenera kuyang'ana, osati nkhope yanu pa galasi la foni. Ambirife tinaleredwa kuti polankhula ndi akulu tizigwetsa maso, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma pa vidiyo munthu wogwetsa maso amaoneka ngati akuwerenga kapena akukayikira zimene akunena. Ulemu wanu uonekere m'mawu, m'kavalidwe, ndi m'moni waufupi. Palibe chifukwa chofunsa kuti muli bwanji n'kudikira, pakuti palibe amene ayankhe.

Za kajambulidwe n'zochepa. Khalani moyang'ana zenera kuti kuwala kugwere pankhope, chifukwa zenera likakhala kumbuyo mumada bii. Foni itsamire pa mabuku pa msinkhu wa maso, yogoneka chopingasa pokhapokha ngati anena zina, ndipo muoneke kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba. Mawu ndi ofunika kuposa chithunzi, choncho khalani pafupi ndi foni, sankhani nthawi imene chigayo kapena wailesi ya aneba zili zii, ndipo zimitsani netiweki kuti wina asakuimbireni muli pakati. Jambulani kangapo, kenako muimvetsere musakuyang'ana. Ngati liwu lililonse likumveka, yakwana.

Potumiza ndi pamene ena amataya ntchito yonse imene agwira. Gmail salola kumata zinthu zoposa 25 MB, ndipo vidiyo ya mphindi imodzi yojambulidwa pa 1080p imapitirira pamenepo mosavuta. Mukhoza kuika vidiyoyo pa Google Drive n'kutumiza linki. Mukatero, onetsetsani kuti mwasankha Anyone with the link, apo ayi wolandirayo adzapeza chitseko chotseka, ndipo si onse amene adzakulembereni kupempha kuti mutsegule. Pa WhatsApp vidiyo imafinyidwa n'kuchepa ubwino, koma mukaitumiza ngati Document imafika mmene ilili, ngakhale imadya bandulo yambiri. Dzina la failo likhale dzina lanu ndi ntchito imene mukufunsira, osati manambala aja imadzipatsa yokha foni.

Chenjeraninso ndi amene akupempha vidiyoyo. Vidiyo imanyamula nkhope ndi mawu anu, ndipo ikachoka m'manja mwanu simungaibweze. Musaonetse chiphaso cha unzika pa kamera, musatchule nambala ya ku banki kapena kulondolera kumene mumakhala. Ngati chilengezo changobwera pa gulu la WhatsApp popanda dzina la kampani, kapena akuti mutumize kaye ndalama kuti vidiyo yanu ionedwe, kapena ayamba kupempha kuti muime muoneke thupi lonse pa ntchito yowerengera matumba, imbani kaye foni ku ofesi ya kampaniyo, pa nambala imene mwaipeza nokha, mufunse ngati alengezadi ntchito imeneyo.