Zaka 9 chifukwa cha foni ndi bulangete: apilo ingathandize?

Chigamulo chikangoperekedwa ku khoti la majisitireti, achibale amatuluka ndi mawu amodzi pakamwa: "Chilangochi chakula." Nthawi zambiri sanama. Kwa mayi amene mwana wake wakwera galimoto ya ndende, ngakhale miyezi 6 ndi yaitali. Koma munthu wopereka uphungu wa zamalamulo, kaya ndi loya, kaya ndi wa ku Ligo Edi, kaya ndi mmodzi wa athandizi a zamalamulo oyendera ndende aja, ali ndi funso lina loti ayankhe. Khoti Lalikulu silichepetsa chilango chifukwa choti chawawa. Limachepetsa likaona kuti majisitireti anaphonya mfundo ya lamulo, kapena kuti chilango chapyola muyeso moonekeratu, mpaka woweruza wapamwamba poliwerenga fayilo nkudzidzimuka.

Mawu oti "moonekeratu" ndi amene asenza nkhani yonse. Majisitireti ndiye anamuona wolakwayo maso ndi maso, anamva odandaula, ndipo lamulo linampatsa mpata wosankha chilango. Woweruza wa ku Khoti Lalikulu akhoza kunena mumtima kuti, "Ndikanakhala ine ndikanapereka zaka 4 osati 5," koma salowererapo pa kusiyana kotere. Pa mlandu uliwonse pali bwalo la zilango zovomerezeka, lokhala ndi malire a pansi ndi a pamwamba. Chilango chowawa koma chili m'kati mwa bwalolo chimatsala momwemo. Ntchito ya mlangizi ndi kupeza malirewo, nkuona ngati chilango chagwera kunja, komanso kutali bwanji.

Tiyerekeze mlandu wa mtundu umene makhoti athu amaweruza sabata ndi sabata. Mnyamata wa zaka 21 wathyola nyumba usiku eni ake ali ku maliro. Wakankha zenera, watenga foni ndi bulangete. Patapita masiku awiri apolisi ampeza, katundu yense wabwezedwa. Ku khoti wavomera mlandu tsiku loyamba lomwelo, ndipo woimira boma wanena kuti alibe mbiri yopalamula. Majisitireti wa giredi yoyamba wampatsa zaka 9 pa mlandu wothyola nyumba usiku, ndi miyezi 18 pa mlandu wakuba, nkulamula kuti zilangozi zitsatizane. Zonse pamodzi zaka 10 ndi theka.

Mayi ake afika kwa mlangizi. "Bambo, mwana wanga analakwa, sindikana. Koma zaka zonsezi chifukwa cha bulangete?"

Mlangizi wanzeru sayankha tsiku lomwelo. Amayamba waona kalendala. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu yaupandu ndi umboni limapereka masiku 10 okha kuchokera tsiku la chigamulo oti munthu adziwitse khoti molemba kuti akufuna kuchita apilo. Khoti Lalikulu likhoza kulola apilo yochedwa pakakhala chifukwa chomveka, koma kudalira chifundo chotere nkudziwonjezera mtolo. Choncho chidziwitso chimapita msanga, kenaka mlangizi amapempha zolembedwa za mlandu wonse. Kuvomera mlandu kuja sikutseka njira: wovomera sangabwerere kukatsutsa kuti sanalakwe, koma ali ndi ufulu wodandaula za kukula kwa chilango kapena ngati chili chololedwa ndi lamulo.

Fayilo ikafika, funso loyamba ndi lachidule: kodi majisitireti anali ndi mphamvu yopereka chilangochi? Wa giredi yoyamba amalekezera zaka 14, pamene wa udindo wa rezidenti amafika zaka 21. Zaka 9 zili m'manja mwake. Lamulo la milandu yaupandu nalonso, pa gawo 309, limaika kuthyola nyumba pakati pa milandu yoopsa kwambiri, yoti chilango chake chachikulu ndi imfa kapena ndende moyo wonse. Apa ena amagwa ulesi nkunena kuti zaka 9 nzochepa poyerekeza ndi moyo wonse. Kuganiza kotere nkolakwika. Chilango chachikulu chimasungidwira mlandu woipitsitsa wa mtunduwo, ndipo sipamene muyeso umayambira.

Poyambira penipeni anapakhazikitsa ndi makhoti. Mu 1994, pa mlandu wa Chizumila, Khoti Lalikulu linanena kuti pa kuthyola nyumba majisitireti ayambire pa zaka 6, akweze pakakhala zokulitsa mlandu, atsitse pakakhala zochepetsa. Muyeso womwewu umapezekanso m'buku la malangizo a kaperekedwe ka zilango limene amajisitireti amagwiritsa ntchito. Zaka 6 zimenezi ndi za mlandu wothyola nyumba wapakatikati, umene munthu anaukana mpaka umboni unamugwira.

Tsono mlangizi amatenga pepala, nkuyenda njira imene majisitireti anayenera kuyenda. Kodi pali chokweza? Zinthu zokulitsa mlandu wotere nzodziwika: kubwera gulu, kunyamula zikwanje, kuopseza kapena kuvulaza eni nyumba, kugumula khoma kapena kuphwanya zitseko, kuba katundu wambiri wosapezekanso, kukhala ndi mbiri ya milandu yofanana. Pa mlandu wa mnyamatayu palibe nchimodzi chomwe. Anali yekha, analibe chida, m'nyumba munalibe munthu woti achite mantha. Mwina woimira boma anganene kuti kubera anamfedwa nkuipa mtima, ndipo ine ndingavomereze kuti mfundoyi ili ndi kulemera kwake. Koma siingakweze chilango ndi zaka 3.

Zotsitsa ndiye zilipo zambiri. Kuvomera mlandu msanga makhoti amakulemekeza chifukwa kumasonyeza kulapa, kumapulumutsa nthawi, ndipo mboni sizivutika ndi maulendo. Kungachotse mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango. Pa zaka 6, ndiye kuti tatsikira pa zaka 4. Kenaka pali msinkhu. Makhoti athu akhala akunena kuti achinyamata a zaka zapakati pa 18 ndi 25 amalakwa kawirikawiri chifukwa cha kusakhwima, ndipo ndende yaitali imawaononga koposa kuwakonza. Ndi wopalamula koyamba, katundu anabwezedwa. Mlangizi akaphatikiza zonsezi, nkuwerenganso zigamulo zingapo za Khoti Lalikulu pa milandu yofanana, angayembekezere chilango cha zaka pafupifupi 3 kapena 4. Uku sikuwerengetsa masamu a ku sukulu ayi, ndipo loya wolonjeza nambala yeniyeni akunamiza kasitomala. Koma pakati pa zaka 4 ndi zaka 9 pali phompho loti aliyense aliona. Chilango chapitirira kawiri chimene chimayembekezeka. Uku ndiye kupyola muyeso moonekeratu.

Ndimakonda kukhalitsa pa tsamba lomaliza la fayilo, pamene majisitireti walemba zifukwa za chilango, chifukwa apilo zambiri zimapambanira pamenepo. Kawirikawiri mumapeza mizere itatu yokha: milandu yothyola nyumba yachuluka m'dera lino, anthu sakugona, khoti lipereka chilango chokhwima kuti ena atengerepo phunziro. Kuchuluka kwa umbava ndi nkhani yoona ndipo khoti lili ndi ufulu woiganizira. Vuto ndi loti mnyamata wopalamula koyamba wasandutsidwa chikwangwani choopsezera ena, wasenzetsedwa milandu ya akuba onse a m'boma lonse. Khoti Lalikulu lakhala likudzudzula mchitidwewu. Ndipo ngati m'mizere itatuyo mulibe mawu alionse okhudza kuvomera mlandu, msinkhu kapena katundu wobwezedwa, mlangizi ali ndi umboni woti majisitireti sanaziyeze nkomwe. Palinso gawo 340 la lamulo la kayendetsedwe ka milandu lija, lonena kuti wopalamula koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litakhutira, pa zifukwa zomveka, kuti palibe njira ina yoyenera. Pa kuthyola nyumba usiku ndende imakhala yovuta kuipewa, ndipo mlangizi asawapatse mayi aja chiyembekezo choti mwana abwera mawa. Komabe fayilo iyenera kuonetsa kuti majisitireti analiganizira gawoli.

Za kutsatizana kwa zilango sizifuna mawu ambiri. Kuthyola ndi kuba kunachitika usiku umodzi, m'nyumba imodzi, ndi cholinga chimodzi. Mwambo wa makhoti ndi woti zilango za milandu yotere ziyendere limodzi, pokhapokha patalembedwa chifukwa chapadera. Miyezi 18 ija ikuyenera kumira m'chilango chachikulucho.

Koma tisinthe pang'ono nkhaniyi. Mnyamata yemweyo, mlandu womwewo, wapatsidwa zaka 4 ndi theka, zilango zoyendera limodzi, ndipo majisitireti walemba kuti waganizira kuvomera kwake ndi msinkhu wake. Chilangochi chili cha kumtunda, mwina ine ndikanapereka chocheperako, koma chili m'kati mwa bwalo. Mlangizi woona mtima amawauza mayi aja kuti mwayi wopambana ndi wochepa. Mawuwa ndi owawa kuwanena kwa munthu amene wagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti, koma kumulandira ndalama pa apilo yopanda miyendo nkumubera kachiwiri.

Ndipo pali choopsa china chimene achibale ambiri sachidziwa. Khoti Lalikulu lili ndi mphamvu yokweza chilango. Akanakhala kuti mnyamata uja anali ndi anzake atatu, atanyamula zikwanje, namanga mwini nyumba pamaso pa ana ake, nkupatsidwa zaka 7, kupita ku apilo kukanakhala kuputa mavu. Woweruza akhoza kuwerenga fayilo nkudzidzimuka ndithu, koma chifukwa cha kuchepa kwa chilango. Mlangizi ayenera kunena zimenezi poyera munthu asanasaine chilichonse.

Nthawi nayo imalowa m'uphungu. Kutayipa zolembedwa za mlandu ndi kuzitumiza ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba kumatenga miyezi, ndipo belo ya munthu wodikira apilo imaperekedwa pa zifukwa zapadera zokha. Wolamulidwa miyezi yowerengeka akhoza kutuluka apilo isanamvedwe. Ilipo njira inanso: zilango zazitali zochokera kwa amajisitireti zimayenera kupita ku Khoti Lalikulu kuti woweruza akazitsimikize, ngakhale palibe wachita apilo, ndipo mlandu wa Chizumila uja unafika kumeneko kudzera m'njira yomweyi. Koma mafayilo odikira kuunikidwa ndi ambiri, choncho pa chilango cha zaka 10 ndi theka sindingalangize munthu kungokhala chete nkumadikira.

Pa mlandu wathu woyamba uja, mlangizi alemba zifukwa zitatu zokha za apilo: kuti majisitireti anakwera kuchoka pa zaka 6 popanda chokulitsa mlandu, kuti sanaganizire kuvomera, msinkhu ndi kubwezedwa kwa katundu, komanso kuti analakwa potsatizanitsa zilango za mlandu wa usiku umodzi. Aphatikizapo zigamulo ziwiri kapena zitatu za milandu yofanana nayo kwenikweni, osati zongofanana dzina. Akatero amawaitana mayi aja.

"Mayi, mwana wanu kundende akhalako ndithu, pakuti kuthyola nyumba si mlandu waung'ono. Chimene tikukapempha ndi choti zaka 10 ndi thekazi zitsike kufika cha pa 3 kapena 4, ndipo ziwerengedwe kuyambira tsiku limene anamangidwa. Mukapita kukamuona Loweruka, mukamufunse tsiku lenileni limene apolisi anamutenga, chifukwa m'fayilomu silikuoneka bwino."