Masiku atatu a m'kalata ya tchuthi cha uchembere

Kwathu kuno mimba sitiilengeza. Mayi amangoyamba kumasula chitenje, anzake a pantchito n'kumayang'anana osanena kanthu, ndipo nkhaniyo imadziwika yokha. Mwambowu ulibe vuto kumudzi ndi kutchalitchi, koma ku ofesi yolemba malipiro sugwira ntchito. Wolemba malipiro amafuna pepala lokhala ndi masiku, ndipo mayi amene wangouza bwana wake pakhomo kuti "mwezi wamawa ndikhala ndikupumako" amakhala wadziika pachiswe. Tsiku limene padzabuke mkangano wa malipiro kapena wa malo ake a ntchito, mawu a pakhomo aja palibe adzawakumbukire.

Kalatayo ndi yaifupi, siidzaza n'komwe tsamba limodzi. Mtima wake ndi masiku atatu: tsiku limene achipatala akuyembekeza kuti mwana abadwe, nthawi imene mayi akhale pa tchuthi, ndi tsiku lobwerera kuntchito. Ambiri amalemba masikuwa ngati ndi olimba mofanana, pamene loyambalo ndi longoyerekeza chabe, ndipo awiri enawo atsamira pa ilo.

Tiyambe ndi chimene lamulo limapereka. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000, pa ndime 47, limati mayi wapantchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu pa zaka zitatu zilizonse, akulandira malipiro ake onse. Pa nthawiyo zaka zake za ntchito zimapitiriza kuwerengedwa, penshoni siima, ndipo satengedwa ngati wadukiza ntchito. Ndime yotsatira imamupatsa ufulu wobwerera pa ntchito yake yomwe ija, ndipo ndime 49 imati kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha mimba ndi mlandu. Masabata asanu ndi atatuwo ndi poyambira chabe. Ogwira ntchito m'boma amapatsidwa masiku 90, ndipo makampani ndi mabungwe ena amapereka oposa a lamulo. Choncho musanagwire cholembera, werengani kontilakiti yanu ndi buku la malamulo a pantchito panu. M'menemo ndi momwe mungapezenso nthawi imene akufuna kuti muwadziwitsiretu.

Tsiku la kubadwa kwa mwana limachokera kusikelo. M'buku la kuchipatala anamwino amalemba masiku awiri: pa `LMP` pamakhala tsiku loyamba la msambo womaliza, pa `EDD` tsiku loyembekezera kuchira. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Pa tsiku loyambalo amawonjezera masiku asanu ndi awiri, kenako miyezi isanu ndi inayi, zomwe zimakwana pafupifupi masiku 280, kapena kuti masabata 40. Ngati mayi anajambulidwa sikani mimba ili yaing'ono, adokotala akhoza kusuntha tsikulo, ndipo lolemba m'kalata ndi limene iwo atsimikiza, osati lowerenga nokha pa zala. Komabe ana obadwa pa tsiku lenilenilo ndi ochepa kwambiri. Mwana wobadwa pakati pa masabata 37 ndi 42 sadabwitsa mzamba. Apa pali mpata wa masabata asanu, pamene tchuthi chonse ndi masabata asanu ndi atatu okha.

Tiyerekeze mayi wowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe, amene amagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo kampani yake imapereka masabata a lamulo okha. Msambo wake womaliza unayamba pa 9 Seputembala 2024. Kuwonjezera masiku asanu ndi awiri tikufika pa 16 Seputembala, miyezi isanu ndi inayi itifikitsa pa 16 Juni 2025, lomwe ndi Lolemba. Mayiyu akuganiza zosiya ntchito kutatsala masabata awiri, chifukwa miyendo yayamba kutupa ndipo kukwera minibasi ya ku Bangwe m'mawa uliwonse kwasanduka chintchito pachokha. Tsiku lake lomaliza kuntchito likhala Lachisanu pa 30 Meyi, tchuthi n'kuyamba Lolemba pa 2 Juni. Masabata asanu ndi atatu ndi masiku 56, kuwerenga pamodzi ndi Loweruka ndi Lamlungu. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa amawerenga masiku ogwira ntchito okha ngati mmene amachitira pa tchuthi cha pachaka. Masiku 56 atha Lamlungu pa 27 Julayi, ndipo Lolemba pa 28 Julayi mayi akuyenera kukhala pa desiki yake.

Tsopano taonani msinkhu wa mwanayo pa tsiku limenelo. Ngati wabadwa pa 16 Juni penipeni, pa 28 Julayi akhala atangokwanitsa masabata asanu ndi limodzi, nthawi imene khanda limayenera kukabayitsa katemera ndipo mayi nayenso amakaonedwa ndi anamwino. Ngati wachedwa ndi masiku khumi, n'kubadwa pa 26 Juni, mayi abwerera kuntchito khanda lili ndi masiku 32 okha. Ndipo ngati wachira kudzera pa opaleshoni, bala likhala lisanapole bwino. Tsiku lililonse limene mayi watenga mwana asanabadwe walichotsa pa masiku okhala ndi khanda. Amayi ena, poona masamu amenewa, amakakamira kuntchito mpaka matenda atawayambira pa ofesi. Ine sindilimbikitsa zimenezo, makamaka kwa amene amagwira ntchito choimirira, kapena amene anamwino awauza kuti akadikirire kuchidikiro chifukwa kwawo n'kutali ndi chipatala. Njira yabwino ndi kusunga tchuthi cha pachaka n'kuchilumikiza kumapeto.

Wogwira ntchito masiku asanu pa sabata, lamulo limamupatsa masiku 15 a tchuthi cha pachaka, ndipo wa masiku asanu ndi limodzi amapatsidwa 18. Mayi wathu akatengapo masiku khumi, kuyambira pa 28 Julayi mpaka pa 8 Ogasiti, abwerera Lolemba pa 11 Ogasiti. Kusiyana kwake n'kwakuti tchuthi cha uchembere ndi ufulu umene mayi akungodziwitsa bwana, pamene nthawi yotengera cha pachaka amagwirizana ndi bwanayo. M'kalata ziwirizi zisasakanizidwe. Thunthu la kalata yake likhoza kumveka chonchi:

"Ndikukudziwitsani kuti ndine woyembekezera, ndipo achipatala akuyembekeza kuti ndidzachira pa 16 Juni 2025, monga ikusonyezera kalata ya adokotala imene ndaphatikiza. Ndidzayamba tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu Lolemba pa 2 Juni, ndipo chidzatha Lamlungu pa 27 Julayi. Ndikupemphanso masiku khumi a tchuthi changa cha pachaka, kuyambira pa 28 Julayi mpaka pa 8 Ogasiti, kuti ndidzabwerere pa ntchito yanga Lolemba pa 11 Ogasiti 2025. Mwana akadzabadwa pa 2 Juni pasanafike, tchuthi chidzayambira tsiku lobadwalo, ndipo ndidzakulemberani masiku atsopano pasanathe sabata. Ndikupempha kuti mundiyankhe polemba."

M'maofesi ambiri kalatayi imalembedwa m'Chingerezi, koma zolowamo ndi zomwezi. Chiganizo chonena za mwana wofulumira ndicho chimasowa m'makalata ambiri, pamene ndicho chimateteza zina zonse. Mwana wa mayi wathu akhoza kubadwa pa 26 Meyi, mimba ili ndi masabata 37, sabata yathunthu tchuthi chisanayambe. Popanda chiganizo chimenecho, sabata imeneyo ikhala yopanda dzina m'mabuku a kampani. Wina aziti ndi tchuthi cha matenda, wina aziti mayi wajomba, ndipo mwini wake ali m'chikuta, sangabwere kudzalongosola. Ndi chiganizocho masamu ndi osavuta: tchuthi cha uchembere chiyamba pa 26 Meyi, chitha pa 20 Julayi, ndipo masiku ena onse asunthira limodzi.

Tsiku lobwerera lilembedwe lathunthu, ndi mwezi ndi chaka. Mawu ngati "ndidzabwera ndikapeza bwino" kapena "ndidzakudziwitsani" amamveka aulemu, koma amasiya khomo lotsekula. Bwana amene walemba munthu wogwirizira, n'kumukonda, akhoza kudzanena kuti sankadziwa ngati mubweranso. Mawu akuti "ndidzabwerere pa ntchito yanga" ali m'menemo dala, pokumbutsa kuti mukubwerera pa udindo womwewo ndi malipiro omwewo. Musalonjezenso zimene thupi silinavomere. Pali amayi amene chifukwa cha mantha amalemba kuti aziyankha foni ndi kuona mabuku a ndalama ali kunyumba, ndipo mawu amenewo amadzawatsata usiku mwana akulira. M'malo mwake tchulani kuti mudzasiya ntchito m'manja mwa amene bwana asankhe, ndi tsiku limene mudzachite zimenezo.

Zikavuta pochira, lamulo limati dokotala wovomerezeka akatsimikiza kuti mayi akudwala chifukwa cha mimba kapena uchembere, bwana amuwonjezere tchuthi, ngakhale kuti kutalika kwake lamulolo linasiyira bwana. Pamenepo pamafunika kalata yachiwiri pamodzi ndi umboni wa dokotala, ndipo ifike tsiku lobwerera lija lisanakwane. Kungokhala chete n'kudutsitsa tsikulo kumapatsa bwana chifukwa chimene analibe.

Palinso nkhani ya zaka zitatu ija, imene amayi ambiri amaidziwa mochedwa. Amene anatenga tchuthi cholipidwa zaka ziwiri zapitazo ndipo ali ndi pakati pena, asalembe ngati ufuluwo ulipo wonse. Akambirane kaye ndi a ofesi yoona za ogwira ntchito, amve chimene malamulo a pamalopo akunena, ndipo chimene agwirizane chilembedwe. Kusintha kwa lamulo kwa m'chaka cha 2021 kunabweretsa zina ziwiri zoyenera kuzidziwa. Bambo wa mwana ali ndi masabata awiri a tchuthi cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu, ndiye nayenso alembe yake kuntchito kwake. Mayi wobwerera kuntchito ali ndi mpata woyamwitsa wa theka la ola kawiri pa tsiku mpaka mwana atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo si kulakwa kuutchuliratu m'kalata kuti ndondomeko ya ntchito ikonzedwe nthawi ilipo.

Nthawi yabwino yopereka kalatayi, ngati malamulo a pantchito sanena china, ndi kutatsala miyezi iwiri kapena itatu. Kwa mayi wathu ndi kumapeto kwa Malichi, pamene mimba yaonekera kale ndipo palibenso chobisa. Lembani makope awiri. Imodzi ipite kwa bwana kudzera ku ofesi yoona za ogwira ntchito, inayo adindepo chidindo, alembepo tsiku ndi kusainira kuti alandira. Mukadzapita kukadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lanu kapena ku khoti loona za ntchito, adzafuna kuona pepala limenelo. Musalisiye m'dirowa ya kuntchito. Lijambuleni pa foni, ndipo lenilenilo mukasunge kunyumba pamodzi ndi buku la kusikelo.