NYIMBO YA MUNTHU AMENE ANAPHEDWA NDI ALIMI

Lero sindinena za feteleza kapena za mizere yakalozera. Ndili ndi nkhani ya nyimbo ina yakale ya ku Mangalande ndi ku Sikotilandi, dzina lake John Barleycorn. Mwina mudabwa kuti mlangizi wa zaulimi walowa bwanji m'zanyimbo. Tamvani m'mene zinayendera.

Mwana wa mlongo wanga, amene ali ku sekondale, anabwera kwathu patchuthi atanyamula pepala la nyimbo imeneyi. Aphunzitsi anamuuza kuti alembe tanthauzo lake, ndipo poyamba paja analemba kuti ndi nkhani ya anthu oipa mtima amene anapha mnzao wosalakwa. Pepala linabwerera ndi mzere wofiira. Mnyamatayo anali atataya mtima, nati kwa ine, "Malume, mau onse ndikuwamva, koma chimene akunena sindichiona." Nditaiwerenga ndinaseka, pakuti ndinaona kuti nyimboyi mlimi angaimve msanga kupambana mwana wa sukulu.

Nkhani yake pamwamba ili yotere. Amuna atatu apangana kuti John afe. Amkwirira m'nthaka, namuunjikira zibuma pamutu, nachoka ali otsimikiza kuti zatha. Mvula itagwa, John atulukanso, anthu aja nazizwa. Akula, amera ndevu, kenaka akalamba, nkhope ichita mbuu, mutu uwerama. Pamenepo adani ake abwera ndi zitsulo zakuthwa, amdula m'miyendo, ammanga, amkweza pangolo. Ammenya ndi ndodo, amponya m'madzi, amuotcha pamoto, amphwanya pakati pa miyala iwiri, ndipo potsiriza amwa mwazi wake ali kusekera.

Ndinamfunsa mphwangayo kuti, "Kodi dzina la munthuyu waliyang'ana?" Dzina lachiwirilo litanthauza njere ya barele. Barele ndi mbeu yonga tirigu, imene anthu a maiko ozizira aja apangira mowa, monga ife tichita ndi mawere kapena mapira. Tsono woimba anatenga mbeu naipatsa dzina la munthu, monga ife tikanati a Namawere. Ichi ndicho chitseko cha nyimbo yonse. Koma kudziwa kuti John ndi mbeu sikukwanira. Ntchito yeniyeni ndiyo kutenga chilichonse chimene anamchita, chimodzi chimodzi, ndi kufunsa kuti, kodi m'munda kapena pakhomo ntchito imeneyi ndi iti?

Zoyambazo nzapafupi. Kukwirira ndiko kulima ndi pulawo, kufesa, ndi kukokera dothi pamwamba pa mbeu. Kumeneko barele wotere afesa m'Marichi kapena m'Epulo, dzinja lao lozizira litatha, nakolola cha m'Ogasiti. Ndevu zija ndi timinga tatitali timene timera pa ngala ya barele. Ukalamba ndiko kucha: phesi lisanduka lachikasu ndipo ngala ipendama kuloza pansi. Mlimi akaona mutu wawerama chotero adziwa kuti nthawi yakwana. Kudula m'miyendo ndiko kumweta, pakuti iwo sadula ngala zokha ndi kampeni monga tichitira mawere iai, amweta phesi lonse chapansi. Kumanga ndiko kumanga mitolo. Ndodo zija nzopunthira.

Pa madzi mpamene mnyamata anaphunthwa. M'nyimbo monga anailembera Robert Burns, mlakatuli wa ku Sikotilandi amene analinso mlimi, adani aja adzaza dzenje ndi madzi namponyamo John. Mphwanga anati, "Imeneyo ndi mvula, malume." Ndinati, "Taona pamene payikidwa mau amenewo. Kodi ali patsogolo pa kupuntha kapena pambuyo?" Anayang'ana nati ali pambuyo. Ndinati, "Nanga mbeu yopunthapuntha ndi yopeta kale, ndani angaisiye pamvula?" Anakhala chete. Pamenepo amai anga, amene anali kumvera ali pamkeka, anayankha osafunsidwa, "Ameneyo akumviika, afuna chimera."

Analasa. Inu nonse muchidziwa chimera. Mawere aviikidwa, avundikiridwa kuti amere, ayanikidwa, kenaka aperedwa. Ndi barele nchimodzimodzi. Amviika masiku awiri kapena atatu. Atamvuula amyala pansi m'nyumba kwa masiku angapo, namtembenuza ndi mafosholo tsiku ndi tsiku, kuti asatenthe pakati ndiponso kuti timizu tisalukane. Nchifukwa chake m'nyimbo ya Burns, atamvuula m'madzi amgoneka pansi, ndipo akangoonetsa kuti moyo ukalimo, amkankhira uku ndi uku. Zizindikiro za moyo zija ndi timizu tija. Njere ikamera, ufa wa m'kati mwake ukhala wokonzeka kusanduka zotsekemera, ndipo zotsekemerazo ndizo zidzasasa ndi kukhala mowa. Koma ikapitirira kumera, mphukira idya chakudya chonsecho, wofulula natsala ndi makoko. Chotero ayenera kuimitsa kumerako pa nthawi yake. Ife tiyanika padzuwa. Iwo dzuwa lao nlochepa, ndiye aumitsa pang'anjo. Uko ndiko kuotcha pamoto kuja. Miyala iwiri ndi mphero. Mwazi ndi mowa.

Apa ndinamuuza mnyamata lamulo limene ndifuna kuti inunso mulisunge pothandiza ana anu. Tanthauzo loona la fanizo liyenera kugwirizana ndi malo ake m'nyimbo. Ukati madzi ndi mvula, watanthauzira mau amodzi koma waswa mndandanda wa ntchito. Ukati ndi kuviika, za patsogolo ndi za pambuyo zonse zigwirana ngati mikanda pa chingwe. Umo ndimo udziwira kuti walasa kapena waphonya.

Tsono tafika pansi pa nyimbo kodi? Iai. Funsani funso lina: anapambana ndani? Amuna atatu aja analumbira kuti amupha, koma chilichonse chimene anamchita chinangomwonjezera mphamvu. Atamkwirira, njere imodzi inabala zambiri. Atamuotcha ndi kumpera, analowa m'chikho, nachokera m'chikho kulowa m'mitu yao. Nyimboyi ili ndi maimbidwe ambiri, ndipo mathero ake asiyana. Mwa imene inasindikizidwa ku London cha m'ma 1624, John abwezera: aja anamzunza awagwetsa pansi, miyendo osayenda, lilime osatembenuka. Mwa zina zimene anthu a kumidzi anali kuimba, anena kuti amisiri ndi alenje sangathe ntchito yao popanda iye. Burns, amene analemba yake mu 1782, atsiriza ndi kumtamanda, kuti achotsa mantha ndi chisoni. Chotero nyimbo imodzi yomweyo kwina ndi yotamanda mowa, kwina ndi yoseka omwa. Mphwanga anafuna kuti ndimsankhire chimodzi. Ndinakana, pakuti kukoma kwake kuli pomwepo: anthu akuimba ali ndi chikho m'manja, akudziwa bwino kuti amene akummwayo awagwetsa usiku womwewo. Wolemba ayenera kunena kuti ndi maimbidwe ati amene ali pa pepala lake, ndi kutanthauzira mathero a amenewo. Dzinali linafika pokhala dzina la mowa weniweniwo, kotero kuti mu 1913 mlembi wa ku Amereka, Jack London, analitenga kukhala mutu wa buku lofotokoza kumwa kwake.

Pali chinthu china chimene ine monga mlimi chimandigwira mtima. Woimba anasankha kuti tiime kumbali ya mbeu. Ntchito zimene ife tiziyesa zabwino, kulima, kumweta, kupuntha, iye azionetsa monga nkhanza, ndipo mlimi ndiye chigawenga. Nkuseka ndithu, koma m'kusekamo muli ulemu. Munthu amene anagwira mbeu imeneyi ndi manja ake chaka chonse ndiye angaiyese munthu mnzake wotha kumva kupweteka.

Chatsala ndi chozama kopambana, ndipo mpomwe ambiri amira. Munthu aikidwa m'manda nauka. Thupi lake liphwanyidwa, mwazi wake umwedwa, anthu napeza moyo. Oimba ake anali anthu opita kutchalitchi, ndipo nkosatheka kuti sanamve kufanana kwake ndi zimene anali kumva kumeneko. Kunena kuti nyimboyi ili ndi fanizo la imfa ndi kuuka nkoona, pakuti mau ake omwe anena zimenezo. Koma ena anapitirira. Katswiri wina, James Frazer, amene buku lake lalikulu la miyambo ya anthu linayamba kutuluka mu 1890, anaphunzitsa kuti kale anthu anali kukhulupirira mzimu wa mbeu umene ufa ndi kuuka chaka ndi chaka, ndi kuti kwina anali kupha munthu m'malo mwa mzimuwo. Omtsata anati John Barleycorn ndi chotsalira cha nsembe zotere. Mphwanga anali atawerenga zimenezi penapake ndipo zinamkondweretsa kwambiri, monga mudziwa anyamata ndi nkhani za magazi.

Ndinamuuza kuti asamange nyumba pamenepo. Zolembedwa zakale kopambana za nyimbo yotere ndi za zaka za m'ma 1500 ndi 1600. Ku Sikotilandi, m'buku lolembedwa pamanja la mu 1568, muli ndakatulo yofanana nayo, imene mbeu ya chimera aipatsa dzina la Allan. Nthawi imeneyo maiko aja anali atakhala achikhristu zaka mazana ambiri. Palibe cholembedwa cholumikiza nyimboyi ndi nsembe za anthu. Ndiponso palibe chinthu chimodzi m'nyimbomo chimene chisowa nsembe kuti chimveke: munda, ng'anjo ndi mphero zifotokoza zonse. Tanthauzo limene lifuna umboni wa kunja kwa nyimbo, umboniwo nkusapezeka, ulitchule monga maganizo a anthu ena, ndipo uwatchule maina. Usalilembe monga choonadi.

Mnyamata analembanso pepala lake madzulo omwewo. Anayamba ndi nkhani yapamwamba m'mizere yochepa. Kenaka anaika ntchito iliyonse pafupi ndi fanizo lake, kuyambira pa pulawo kufikira pa chikho, ndipo apa mpamene anatalikitsa. Pambuyo pake analemba za kubwezera kwa John, ndi za imfa ndi kuuka, ndipo za Frazer anazipatsa mizere iwiri yokha.

M'mawa mwake agogo ake anavundukula dengu la mawere amene anaviika masiku apitawo. Anamuitana nati, "Bwera kuno iwe, udzaone John wako wayamba kupuma." Anatola njere zingapo naziika m'dzanja lake, timizu toyera tili tutututu, ndipo anamtuma kukatenga mphasa kuti aziyanike zisanapitirire.